Chizindikiro cha buluu pa intaneti: chimatsimikizira chiyani, amachilandira ndani, nanga chogula ndalama n'chotani?

Malonda a pa Lizulu masiku ano sathera m'mbali mwa msewu wa M1 mokha. Ambiri mwa ogulitsa kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato amajambula katundu wawo n'kuika pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo mavenda a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba amaoda ali kwawo, ndalama n'kutumiza pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Nawonso alimi amasakasaka mbewu, feteleza ndi mankhwala opopera pa foni yomweyo. Pa malonda otere wogula ndi wogulitsa saonana maso ndi maso, choncho aliyense amafunafuna poti agwire asanatulutse ndalama. Ambiri agwira pa kachizindikiro kochonga ka buluu kamene kamaoneka pambali pa dzina la munthu kapena la kampani, kamene achinyamata amangoti bulutiki.

Kachizindikiroka kali ndi ntchito yake, koma ntchitoyo ndi yochepa kuyerekeza ndi imene anthu amakapatsa. Kamayesa kuyankha funso limodzi: kodi mwini tsambali ndi yemweyo amene dzina likunena? Pa masamba ena sikafika n'komwe pamenepo, kamangonena kuti mwini tsamba akulipira mwezi ndi mwezi. Sikanena ngati munthuyo ndi wachilungamo, ngati katundu wake ndi wabwino, kapena ngati zimene walemba ndi zoona.

Aliyense wogulitsa pamsika amadziwa tikiti ya khonsolo. Tikitiyo imasonyeza kuti mwini benchi walipira msonkho wa tsikulo ndipo waloledwa kukhala pamenepo. Koma palibe mayi amene amagula ndowa ya kachewere chifukwa choti waona tikiti. Amapisabe dzanja kuti aone ngati wapansi akufanana ndi wapamwamba. Chizindikiro cha buluu tizichiona chimodzimodzi.

Kumene chinachokera ndi mmene chinasinthira

Tsamba la Twitter ndi limene linayambitsa chizindikirochi mu 2009, anthu otchuka atadandaula kuti ena akutsegula masamba m'maina awo n'kumalemba zabodza. Kwa zaka zoposa khumi chinali chaulere, ndipo kampani yokha ndiyo inkasankha woti imupatse: atsogoleri a mayiko, atolankhani, oimba, osewera mpira ndi makampani odziwika. Facebook, Instagram ndi masamba ena anatengera njira yomweyo. M'zaka zimenezo ndi mmene anthu anazolowera kuti bulutiki ndi ya munthu wamkulu.

Zinthu zinatembenuka kumapeto kwa 2022. Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala, mwezi wotsatira kampaniyo inayamba kugulitsa chizindikirocho pa madola 7.99 pamwezi popanda kufufuza mokwanira kuti wogulayo ndani. Pasanathe masiku awiri, munthu wina anatsegula tsamba m'dzina la Eli Lilly, kampani yaikulu yopanga mankhwala ku Amerika, n'kuligulira chizindikiro, kenako analemba kuti mankhwala a shuga a insulini tsopano ndi aulere. Anthu zikwizikwi anakhulupirira chifukwa cha bulutikiyo, mpaka kampani yeniyeniyo inachita kutulutsa uthenga wotsutsa. Twitter inaimitsa kaye malondawo n'kuwayambiranso mu Disembala. Mu Epulo 2023 inachotsa zizindikiro zakale zaulere zija, ndipo mu Julayi chaka chomwecho inasintha dzina kukhala X.

Kampani ya Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, nayonso inayamba kugulitsa chake mu Febuluwale 2023, pansi pa dzina loti Meta Verified. Inayambira ku Australia ndi New Zealand, kenako n'kumatsegula dziko ndi dziko. Kusiyana kwake ndi X n'kwakuti Meta imafuna chiphaso cha boma munthu asanalandire chizindikiro.

Choncho lero pali misewu iwiri yofikira pa kachizindikiro kooneka chimodzimodzi: msewu wa kutchuka, umene ndi waulere, ndi msewu wolipira. Woona ndi maso chabe sangasiyanitse. Nkhaniyi si yaing'ono: mu Disembala 2025 bungwe la mayiko a ku Ulaya linalipiritsa X chindapusa cha mayuro 120 miliyoni, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti chizindikiro cha buluu chimasocheretsa anthu, popeza aliyense angathe kuchigula kampaniyo osatsimikiza mokwanira kuti iye ndani.

Msewu waulere: amayang'ana chiyani?

Pa Facebook ndi Instagram munthu amapempha chizindikiro chaulere podzaza fomu ya kampaniyo ndi kutumiza chithunzi cha chiphaso chake, kapena mapepala a bizinesi ngati ndi kampani. Akatero amayezedwa pa zinthu zinayi. Tsamba liyenera kukhala la munthu weniweni kapena bungwe lolembetsedwa. Liyenera kukhala lokhalo loimira munthuyo, osati masamba atatu a munthu mmodzi. Liyenera kukhala lathunthu, lokhala ndi chithunzi, mawu ofotokoza mwini wake, ndiponso logwiritsidwa ntchito. Chachinayi, chimene chimagwetsa ambiri, n'chakuti mwini tsamba akhale wodziwika, amene anthu ambiri amamufufuza ndipo nyuzipepala ndi nyumba zoulutsa mawu zingapo zinalembapo za iye.

Pa mfundo yachinayiyi pali zinthu ziwiri zofunika kumvetsa. Choyamba, nkhani zimene munthu walipira kuti zilembedwe siziwerengedwa. Ngati wina akukuuzani kuti mumupatse ndalama akulembereni nkhani zisanu pa masamba a intaneti kuti muoneke wotchuka, akukugulitsani chinthu chimene oyezawo amachitaya. Chachiwiri, kuchuluka kwa okutsatirani pakokha si chiyeso. Mtolankhani wa anthu ochepa omutsatira akhoza kulandira, pamene tsamba la nthabwala la anthu zikwi mazana likhoza kukanidwa. Amene wakanidwa amaloledwa kupemphanso pakapita masiku 30, ndipo salipira kanthu.

TikTok imayenda msewu womwewu ndipo imanena poyera kuti siigulitsa chizindikiro chake. Aliyense wokuuzani kuti bulutiki ya TikTok ili pa mtengo wakutiwakuti ndi wakuba, palibe chokambirana. YouTube ndi imene ili ndi nambala yodziwika: tchanelo chiyenera kufika pa anthu 100,000 olembetsa chisanapemphe, ndipo chizindikiro chake n'chotuwa, osati cha buluu.

Kunena mosabisa, wogulitsa kabichi wa pa Lizulu, ngakhale atakhala wokhulupirika kwa zaka makumi awiri, sangadutse msewu waulerewu pokhapokha ngati dzina lake lamveka m'nyuzi. Kumeneko si kunyozedwa. Chiyesocho chinapangidwa kuti chiteteze anthu amene maina awo amaberedwa kawirikawiri, osati kuti chiyeze kukhulupirika kwa munthu pa malonda.

Msewu wolipira: mukugula chiyani kwenikweni?

Pa Meta Verified munthu payekha ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa. Dzina ndi chithunzi cha nkhope za patsamba ziyenera kufanana ndi za pa chiphaso cha boma, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti adzijambule kakanema ka nkhope yake. Tsambalo liyenera kukhala loti lakhala likugwira ntchito, osati lotsegulidwa dzulo, ndiponso lotsekedwa ndi loko wachiwiri, kutanthauza kanambala kamene kamabwera pa foni kuwonjezera pa pasiwedi. Kulipira kokha sikukwanira: chiphaso chikapanda kugwirizana ndi tsamba, pempho limakanidwa.

Pa X zofunika n'zopepukirapo. Wolipira X Premium ayenera kukhala ndi dzina ndi chithunzi patsamba, nambala ya foni yotsimikizika, tsamba logwiritsidwa ntchito m'masiku 30 apitawo, ndipo lisaoneke kuti likunamiza anthu. Kuonetsa chiphaso si lamulo kwa aliyense wolandira chizindikiro cha buluu. Ndiye chifukwa chake pa X mtundu wa chizindikiro ndi wofunika: chagolide ndi cha makampani ndi mabungwe, chotuwa ndi cha maboma ndi akuluakulu a boma, pamene cha buluu nthawi zambiri chimangotanthauza kuti munthuyo akulipira.

Mawu oti kugula amatisocheretsa, chifukwa chimene chimachitika ndi kubwereka. Mtengo umene Meta inalengeza poyamba unali madola 11.99 pamwezi polipira pa kompyuta, ndi madola 14.99 polipira pa foni. Mitengo imasiyana dziko ndi dziko ndipo imasintha, koma tiyeni tiwerengere pa madola 15. Pa mtengo wa ku banki wa mu 2024, wa pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, ndi K26,250 pamwezi, kapena K315,000 pachaka. Mwezi umene mwaleka kulipira, chizindikiro chimachoka. Ndalamayo imadulidwa yokha mwezi uliwonse pa khadi kapena pa njira imene munalembetsa, ndipo kufufuta pulogalamuyo mufoni sikuletsa kudulako. Muyenera kulowa pamene munalembetsera, kaya ndi pa Google Play kapena pa App Store, n'kuletsa nokha.

Chimene wolipira amapeza ndi chizindikiro, chitetezo chowonjezera cholimbana ndi anthu otsegula masamba m'dzina lake, ndi njira yolankhulira ndi ogwira ntchito ku kampaniyo tsamba likavuta. Mapulani ena okwera mtengo amakankhira dzina patsogolo anthu akamafufuza kapena m'mayankho. Kwa woimba kapena wabizinesi amene akuba akhala akugwiritsa ntchito dzina lake, zimenezi zikhoza kukhala zaphindu. Kwa munthu amene makasitomala ake amamudziwa kale ndipo amamuimbira foni, K315,000 ikhoza kugwira ntchito yaikulu kumunda kuposa pamenepo.

Chitsanzo choyamba: wogulitsa amene akufuna chizindikiro

Tiyerekeze mayi wina wa pa Lizulu amene ali ndi tsamba la Facebook logulitsirapo kachewere wa matumba. Tsiku lina akulandira uthenga: "Mayi, tsamba lanu lasankhidwa. Ndimagwira ntchito ndi a Meta, ndikhoza kukuikirani bulutiki ya moyo wonse pa K45,000 yokha. Tumizani ndalama pa nambala iyi, chithunzi cha chiphaso chanu mbali zonse ziwiri, ndi kanambala kamene kabwere pa foni yanu."

Mu uthenga waufupiwu muli mabodza anayi, ndipo aliyense wodziwa zimene tafotokoza pamwambapa akhoza kuwatola. Palibe chizindikiro cha moyo wonse cholipira kamodzi. Cholipira chimayendera mwezi, chaulere sichigulitsidwa. Meta ilibe maejenti oyendayenda ogulitsa chizindikiro, ndipo silandira malipiro pa nambala ya foni ya munthu. Chiphaso chimatumizidwa mkati mwa pulogalamu yeniyeniyo, osati pa WhatsApp kwa munthu wosamudziwa. Bodza lachinayi ndi loopsa kuposa onse: kanambala kobwera pa foni ndi kiyi wa tsamba lanu. Kamabwera chifukwa wakubayo, ali kwinakwake, akuyesa kulowa m'tsambalo kapena kusintha pasiwedi, ndipo akungosowa kanambala kameneko.

Mayiwo akatumiza zonsezi, K45,000 ndi kutaya kochepa. Mkati mwa mphindi zochepa wakubayo amasintha pasiwedi, nambala ya foni ndi imelo za patsamba. Kenako amalembera makasitomala a mayiwo, m'dzina lawo ndi nkhope yawo, kuti kachewere watsika mtengo koma atumize theka la ndalama pa nambala yatsopano. Makasitomala amatumiza chifukwa tsambalo ndi lomwe lija analizolowera. Akadzazindikira kuti aberedwa, amene amamufunafuna ndi mayi uja. Pamwamba pa izi, chithunzi cha chiphaso chawo chili m'manja mwa munthu amene angayese kuchigwiritsa ntchito pobera ena.

Njira yoyenera ndi yaifupi. Mayiwo atsegule pulogalamu ya Facebook kapena Instagram okha, alowe pa Settings, kenako Accounts Center, ndipo ayang'ane mawu oti Meta Verified. Ngati mawuwo palibe, kapena akuwauza kuti adikire pamzere, ndiye kuti mwayiwo sunatsegukire tsamba lawo kapena dziko lawo, ndipo palibe munthu wakunja amene angautsegule. Ngati alipo, aone kaye dzina. Tsamba lotchedwa ndi dzina la malonda silingadutse ngati la munthu payekha, chifukwa dzinalo silili pa chiphaso cha unzika. Limayenera kudutsa njira ya mabizinesi, imene imafuna umboni woti bizinesiyo ilipodi ndipo wopemphayo ndi wa m'bizinesimo. Adziwenso kuti akadzasintha dzina kapena chithunzi atalandira kale, adzayenera kutsimikizidwanso.

Chitsanzo chachiwiri: wogula amene waona chizindikiro

Tsopano titembenuke. Mlimi wa kachewere waona tsamba lokhala ndi chizindikiro likutsatsa feteleza pamtengo wotsika kwambiri kuposa wa m'masitolo, koma likufuna ndalama ya matumba asanu isanafike galimoto. Achite chiyani asanatumize?

Choyamba aone ngati chizindikirocho n'chenicheni. Chenicheni chimakhala pambali penipeni pa dzina, ndipo pa masamba ambiri ukachigunda ndi chala chimatulutsa mawu ofotokoza. Akuba amajambula kachizindikiro pakona ya chithunzi cha nkhope, kapena amaika kachithunzi kochonga m'mawu ofotokoza tsamba. Pa foni yaing'ono zimaoneka ngati zenizeni. Pa WhatsApp pali chisokonezo china: timizere tiwiri ta buluu pansi pa uthenga timangosonyeza kuti uthenga wawerengedwa, ndipo mawu osonyeza kuti iyi ndi akaunti ya bizinesi amaoneka pa akaunti ya aliyense amene waika WhatsApp Business mufoni mwake. Zonse ziwirizi si chitsimikizo. Chizindikiro chenicheni cha WhatsApp chinali chobiriwira kale, ndipo mu 2024 chinasinthidwa kukhala cha buluu.

Chachiwiri aone mbiri ya tsambalo. Pa Facebook pali malo otchedwa Page transparency, ndipo pa Instagram pali About this account. Pamenepo pamaoneka nthawi imene tsambalo linatsegulidwa ndiponso ngati linasinthapo dzina. Tsamba limene miyezi iwiri yapitayo linali la nyimbo kapena la zovala, lero n'kukhala la feteleza, n'lofunika kulithawa.

Chachitatu, ngakhale chizindikiro chitakhala chenicheni, tsamba likhoza kukhala m'manja mwa wakuba. Mu Julayi 2020 akuba analanda masamba a Twitter a Barack Obama, Joe Biden, Bill Gates ndi ena otchuka, onse okhala ndi chizindikiro chenicheni, n'kulemba kuti aliyense wotumiza ndalama abwezeredwa kawiri. Anthu anatumiza. Ngati zinachitika pa masamba a anthu otetezedwa chotero, zikhoza kuchitika pa tsamba lililonse. Choncho mlimiyo aimbe foni ku nambala ya kampaniyo imene waipeza kwina, monga pa chikwangwani cha sitolo kapena pa lisiti lakale, osati nambala ya mu uthengamo.

Chachinayi ayang'ane dzina limene likutuluka potumiza ndalama. Kampani ya feteleza imene ikufuna kuti ndalama ipite ku nambala ya munthu wamba, wa dzina losagwirizana ndi kampaniyo, yadziulula yokha. Pa Lizulu palinso china: kungodumpha msewu uli ku Mozambique, ndipo manambala oyamba ndi +258 ndi achizolowezi pakati pa anthu ochita malonda moona mtima. Koma mukatumiza ndalama kwa munthu amene simukumudziwa ndipo ali kunja kwa dziko, dziwani kuti kulondola nkhaniyo kumavuta kwambiri, chifukwa mphamvu za apolisi athu zimathera pamalire. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amene akukufulumizitsani kuti mutumize lero lomwe matumba asanathe akufuna kuti musapeze mpata wofufuza.

Si chiphaso cha boma

Kusamvetsa kwina kofala n'kuganiza kuti chizindikiro cha buluu ndi chilolezo cha boma. Palibe ofesi ya boma la Malawi imene imapereka chizindikirochi, kaya ndi MACRA, NRB kapena khonsolo ya Ntcheu. Amapereka ndi makampani a kunja, motsatira malamulo awoawo. Tsamba lobwereketsa ndalama kapena lolonjeza phindu lalikulu pa ndalama zanu likhoza kukhala ndi bulutiki koma lilibe chilolezo cha Banki Yaikulu ya Malawi. Wogulitsa mankhwala opopera akhoza kukhala nayo koma mankhwala ake osavomerezeka. Chilolezo chimafunsidwa kwa bungwe loyang'anira ntchitoyo, osati kwa Facebook.

Mbali inayo ya mfundo yomweyi ndi yakuti kusowa kwa chizindikiro si umboni wa bodza. Masukulu, mipingo, makopaletivu a alimi, zipatala za m'midzi ndi maofesi ambiri ali ndi masamba enieni opanda chizindikiro chilichonse. Musakane uthenga wa alangizi chifukwa alibe bulutiki, n'kukhulupirira wa mlendo chifukwa ali nayo.

Ufulu wanu

Popeza chizindikiro ndi cha kampani, palibe amene ali ndi ufulu wochilandira mokakamiza. Kampani ikhoza kukana, ndipo ikhoza kuchichotsa mukaphwanya malamulo ake. Koma pali ufulu wina umene malamulo a dziko lino amakupatsani, kaya muli ndi chizindikiro kapena ayi.

Muli ndi ufulu wosaberedwa mwachinyengo. Kutenga ndalama kapena katundu wa munthu pomunamiza ndi mlandu pansi pa Gawo 319 la malamulo a milandu ya upandu, ndipo sizisintha kanthu kuti bodzalo lanenedwa pamsika kapena pa foni. Kudzitcha munthu wina n'cholinga chobera ndi mlandunso. Lamulo la 2016 loona za malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kulowa m'makina kapena mu uthenga wa munthu wina popanda chilolezo, choncho wolanda tsamba lanu walakwira boma, osati inu nokha.

Muli ndi ufulu pa zinsinsi zanu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza zimenezi, ndipo lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu, limene MACRA imayang'anira, limakupatsani mphamvu yofunsa chifukwa chimene wina akufunira chiphaso chanu ndi chimene akachite nacho. Mukhoza kukana kupereka.

Muli ndi ufulu ngati wogula. Kutsatsa malonda monamiza n'koletsedwa, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo otere. Komanso kudandaula kwa eni tsamba kuti wina akugwiritsa ntchito dzina lanu n'kwaulere. Simufunika kukhala ndi chizindikiro kapena kulipira munthu kuti tsamba labodza lichotsedwe. Mumapita pa tsamba labodzalo n'kugunda pa Report.

Mukaberedwa, liwiro ndi lofunika. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, muwapatse nambala ya uthenga wotsimikiza kutumiza kwa ndalama, chifukwa wakubayo akangoitapa kwa ejenti kuibweza kumavuta. Musafufute mauthenga. Jambulani tsambalo, dzina lake, nambala imene munatumizako ndi zonse zimene munakambirana, wakubayo asanazichotse. Pitani nazo ku polisi yapafupi. Ngati tsamba lanu ndi limene lalandidwa, uzani makasitomala ndi abale tsiku lomwelo kudzera pa foni, m'magulu a WhatsApp ndi pamsika, kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolankhula m'dzina lanu.

Udindo wanu

Amene akupempha chizindikiro ali ndi udindo wopereka uthenga woona. Kugwiritsa ntchito chiphaso cha mchimwene wanu kapena mapepala opeka kukhoza kuchititsa kuti tsamba lonse litsekedwe, ndipo mapepala achinyengo ndi mlandu paokha. Kugula tsamba la munthu wina lokhala kale ndi chizindikiro n'koletsedwa m'malamulo a makampaniwa, ndipo nthawi zambiri masamba ogulitsidwa chotero amakhala obedwa.

Amene ali nacho kale adziwe kuti sichimuika pamwamba pa lamulo. Kuopseza, kuzunza kapena kunamizira munthu pa intaneti kumakhalabe kulakwa, ndipo popeza anthu ambiri amakhulupirira mawu a tsamba lotere, bodza lake limafika patali. Ali ndi udindo woteteza tsambalo ndi loko wachiwiri, ndi kusapereka pasiwedi kwa mnyamata wa pa shopu yoika nyimbo kapena wokonza mafoni. Ngati munthu wina ndiye anakutsegulirani tsamba, sinthani pasiwediyo lero.

Tonsefe tili ndi udindo wosamwaza uthenga chifukwa choti wachokera pa tsamba la bulutiki. Nkhani ya mitengo ya feteleza, ya ngongole kapena ya ntchito ikafika mu gulu la kumpingo kapena la banki m'khonde, wotumizayo amakhala waikapo dzina lake, ndipo anzake amakhulupirira iye, osati kachizindikiro kaja.

Inu achinyamata amene mumathandiza makolo kuwerenga mauthenga a pa foni, komanso inu a m'makomiti a msika ndi atsogoleri a makalabu a alimi, auzeni anthu anu zinthu zitatu izi: chizindikiro cha buluu sichigulidwa kwa munthu, kanambala kobwera pa foni sikaperekedwa kwa aliyense, ndipo ndalama isatuluke musanamufufuze wolandirayo m'njira ina kupatula tsamba lakelo.